Thanki ikusefukira koma mita ikuti siinadzaze

Mavuto (Kanengo): Akuluakulu muli kunjaku, ndithandizeni. Thanki yathu ndi yotalika mamita 5, sensa yake yoyeza kuchuluka kwa madzi ndi ya kalenti ya 4-20 mA, waya wofika pa panelo ndi mamita 400. Madzi akakhala ochepa imawerenga bwino, koma ikafika pa 16 mA imaima pomwepo, madzi n'kumasefukira. Komanso thanki ikauma imaonetsabe 4 mA. Yafa?

Bambo a Tadala (Joni): Ya 4 mA ija isiyeni, ndi mmene inapangidwira. 4 ndiye kuti thanki yauma, 12 ndi theka, 20 yadzaza. Mukadzaona 0 mA dziwani kuti waya waduka kapena magetsi palibe. Ikanakhala yoyambira pa 0 simukanasiyanitsa thanki youma ndi waya wodyedwa ndi makoswe. Kalenti yochepa yomweyo ndi imenenso sensa ya mawaya awiri imayendera.

Che Yusufu (Tete): Waya watalika, achimwene. Voteji ikuthera m'njira. Kuno sensa ya 0-10 V inkatinamiza chomwecho, makamaka pampu ikaliza.

Bambo a Tadala: Pa yanuyo n'zoona Che Yusufu, chifukwa voteji yotsala m'waya imachoka pa nambala imene mukuwerengayo, ndipo waya akadutsa pafupi ndi mota amatola phokoso. Ya kalenti n'njosiyana. Njira ndi imodzi yozungulira, ndiye sensa ikatulutsa 12 mA, panelo imalandira 12 mA yomweyo. Waya wa kopa wa 0.5 mm², kupita ndi kubwera mamita 800, ndi maomu pafupifupi 30 basi. Mavuto, sapulayi ndi ya mavoti angati, ndipo mwalumikiza chiyani panjirapo?

Mavuto: 24 V. Pali PLC, kompyuta yoyendetsa makina ija, ndi kasikirini kamene tinawonjezera chaka chatha, chilichonse maomu 250.

Bambo a Tadala: Eya, tiwerengere limodzi. Tinene kuti sensa imafuna 12 V kuti igwire ntchito, onani pa chikalata chake. Atsala 12 V. Kuti 20 mA idutse, maomu onse asapitirire 600. Anu ndi 530, akanakwana ngakhale mothina. Koma kuima pa 16 mA kukutanthauza maomu 750. Pali ena oposa 200 amene abisala penapake, ine ndikukayikira joini yochita dzimbiri.

Mayi a Chiko (Kitwe): Kwathu bokosi la joini linalowa madzi nthawi ya dzinja, koma nambala inkakwera m'malo motsika. Kalenti inkadutsa m'chinyezi.

Bambo a Tadala: Zimachitikadi mayi, mawaya awiriwo akanyowera pamodzi. Mavuto, thanki ikadzaza yezani voteji pa sensa penipenipo. Ikakhala cha pa 12 V, ikuperewera mphamvu. Kenako dumphitsani kasikiriniko ndi kawaya. Ikakwera kufika 20 mA, sensa ilibe mlandu, kasakeni joini.

Che Yusufu: Ine ndikanangoika waya wonenepa.

Mavuto: Pali joini ina pansi pa msewu wa magalimoto, inakwiriridwa ndisanayambe ntchito. Mawa ndiyamba ndi kuyeza, khasu pambuyo.