Panado wa dzino masiku asanu, tsopano maso ayamba chikasu

Banda, kiliniko ofesa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi bambo wa zaka 41 wochokera ku Kanyama, wolemera makilogalamu 50, ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu mwezi wachiwiri. Wabwera ndi nseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba kumanja, pansi pa nthiti. Malungo palibe. Maso ayamba chikasu pang'ono. Ndinatsala pang'ono kumulembera panado wa ululuwo, koma akazi ake ndi amene anati panado ndiye wakhala ngati nsima yake kuyambira Lachinayi chifukwa cha dzino. Amamwa awiri awiri kasanu ndi kamodzi pa tsiku, usiku womwe. Omaliza anamwa dzulo cha m'ma 22. Ndiyambire pati?

Sisita Tembo: Ngati wamwa mankhwala ochuluka mupatseni makala a kuchipatala aja msanga, ndipo mucheze naye bwino, mwina pali zomwe zikumusautsa kunyumba.

Banda: Ayi asisita, sanafune kudzipha. Ndamufunsa payekha. Akuti dzino silinkamugoneka, basi.

Mwale, wa ku famase: Makala pano sathandiza, amagwira mankhwala amene akali m'mimba, ola limodzi kapena awiri munthu atangomwa. A Banda, mwawatumiza amayiwo akatenge mapaketi onse? Anthu athu akati panado amatanthauza oyera aja okha. Zina amaziwerengera padera.

Banda: Anali nawo m'chikwama. Muli ena ogula pa kantemba, a ululu osakaniza dikulofenaki ndi parasetamolo wa 500 mg, amene ndi panado yemweyo. Amenewa amamwa limodzi katatu pa tsiku.

Mwale: Ndiye tiwerengere. Mapiritsi 12 a 500 mg ndi magalamu 6. Onjezani galamu imodzi ndi theka ya osakanizawo, akukwana magalamu 7.5 pa tsiku. Pa thupi la makilogalamu 50 ndiye 150 mg pa kilogalamu iliyonse, tsiku ndi tsiku kwa masiku asanu. Malire a munthu wamkulu wathanzi ndi magalamu 4, ndipo munthu wowonda chonchi ine sindikanamupitiriza magalamu 3. Zimandiwawa chifukwa tsiku lililonse ndimaona anthu akugula panado, a chimfine ndi a msana nthawi imodzi, osadziwa kuti onsewo muli chinthu chimodzi.

Phiri, kiliniko ofesa: Ine ndikuona ngati tikuthamangira panado. Munthu ali pa aisoniyazidi, rifampisini ndi pirazinamaidi, mwezi wachiwiri, chikasu chatuluka. Zimenezi timaziona kawirikawiri. Muimitseni mankhwala a chifuwawo, muyezenso hepataitisi B. Ngati mukukayika, yezani mlingo wa parasetamolo m'magazi, muuike pa tchati chija cha maola. Ukakhala pansi pa mzere, nkhani ya panado yatha.

Dokotala Zulu: A Phiri, pa kuimitsa mankhwala a chifuwa ndi kuyeza hepataitisi B mwalondola, zichitike lero lomwe. Koma tchati chija musachikhudze pa wodwala uyu. Chinapangidwira munthu amene wamwa mapiritsi onse kamodzi, nthawi yake ikudziwika, magazi n'kutengedwa patadutsa maola 4. Uyu wamwa pang'onopang'ono masiku asanu, ndiye muwerengera kuchokera ola liti? Mlingo ukhoza kutuluka wochepa, ngakhale osapezeka n'komwe, chiwindi chitawonongeka kale.

Zimene zimachitika m'kati ndi izi. Parasetamolo wambiri chiwindi chimamumanga ndi zinthu zina, n'kutuluka mumkodzo popanda vuto. Kagawo kochepa kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI, ndipo chiwindi chili ndi nkhokwe ya gulutathayoni yozimitsira poizoniyo. Munthu akamamwa mopitirira tsiku ndi tsiku, nkhokweyo imapunguka msanga kuposa mmene ikudzadzidwira. Tsiku loyamba ndi lachiwiri samva kanthu, chifukwa m'nkhokwe mukali kenakake. Ikatha, piritsi lililonse lotsatira limayamba kupha maselo a chiwindi. Ndiye m'mimba mumapweteka, ndipo wodwala amachita chiyani? Amamwanso panado.

A Banda, bamboyu akudya? Nanga mowa?

Banda: Kudya ndi phala lokha chifukwa cha dzinolo. Mowa akuti anasiya atayamba mankhwala, koma amayi akupukusa mutu.

Dokotala Zulu: Zonsezo zikumuipira. Njala imapungula nkhokwe ija, ndipo mowa wa nthawi yaitali umachititsa chiwindi kupanga poizoni wambiri. Tumizani magazi tsopano: ALT ndi AST zoonetsa kuwonongeka kwa chiwindi, INR yoonetsa mmene magazi akuundanira, bilirubini wa chikasu, ndi kiriyatinini wa impso. Shuga muyezereni pomwepo pa chala. Ndipo musadikire zotsatira kuti muyambe asetilisisitini, mankhwala oteteza chiwindi ku poizoni wa panado. Munthu amene wamwa mochuluka chonchi, ali ndi ululu pachiwindi ndi chikasu, amayamba kulandira mankhwalawo, magazi ake akali ku labu.

Phiri: Nanga zikapezeka kuti ndi mankhwala a chifuwa, sitinamupatse pachabe?

Dokotala Zulu: Mwina sitidzatha kuzisiyanitsa bwinobwino, ndipo zikhoza kukhala zonse ziwiri. Koma taganizani kulakwa kumene kuli kotsika mtengo. Asetilisisitini akamuvuta, kawirikawiri ndi zidzolo, kufiira, kusanza kapena kubanika pa botolo loyamba. Mumaimitsa diripi, mumapereka mankhwala a ziwengo, n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Kumumana pamene vuto ndi panado, mukhoza kumutaya.

Banda: Shuga ndi 3.4, ndamuika diripi ya shuga, dekisitorozi. Asetilisisitini wa mu diripi pano tilibe. Ndayitana ambulansi, ndikumutumiza ku chipatala chachikulu cha UTH.

Mwale: Pa kalata lembani kuwerengera konse kuja ndi nthawi ya piritsi lomaliza, musangolemba kuti chikasu pa mankhwala a chifuwa. Kwa makilogalamu 50, njira ya mabotolo atatu imakhala chonchi: 7,500 mg mu 200 ml kwa ola limodzi, kenako 2,500 mg mu 500 ml kwa maola 4, kenako 5,000 mg mu lita imodzi kwa maola 16, zonse mu dekisitorozi wa 5%. Aliponso akumwa, poyamba 140 mg pa kilogalamu kenako 70 mg pa kilogalamu maola 4 aliwonse, koma kwa munthu wosanza chonchi ndi ovuta. Dikulofenaki nayenso asamwenso, impso zake zili pangozi kale.

Sisita Tembo: Mwandikumbutsa mwana wina wa zaka ziwiri amene mayi ake ankamupatsa panado wamadzi m'mawa, agogo masana, mayi kubwerezanso, aliyense osadziwa za mnzake. Kuyambira pamenepo ndimafunsa kuti akupereka ndani, ndi supuni yanji.

Banda: Ndamva kuchokera kwa amene amulandira. ALT 2,400, INR 2.1, kiriyatinini wakwera pang'ono. Diripi yayamba. Akulankhula bwinobwino, akudziwa kumene ali.

Dokotala Zulu: Kulankhula bwinoko ndi kumene ndikufuna kumva, koma aziyang'ana maola onse. ALT kukula sindiye muyeso wa ngozi. Zoopsa ndi INR yomakwerabe, shuga womatsika, mkodzo wochepa, ndi munthu kuyamba kusinza masana kapena kusokonezeka. Ndipo maola 21 akatha asachotse diripi chifukwa chakuti mabotolo atatu atha. Ayezenso, ndipo ngati INR sinatsike kapena ALT ikukwerabe, abwereze botolo lachitatu lija.

Phiri: Ine ndikadali ndi funso langa. ALT yotereyi pirazinamaidi yekha akhoza kuifikitsa. Hepataitisi B yatuluka? Ndipo mankhwala a chifuwa adzayambiranso liti, poti munthuyu ali mwezi wachiwiri chabe?

Banda: Sinatuluke, akuti mawa pamodzi ndi INR yachiwiri. Za kuyambiranso ndawasiyira a kumeneko. Dzinolo nalo likadali m'kamwa, ndipo amayi andiimbira kufunsa chimene angamupatse usiku uno likayamba kuwawa. Ndawauza kuti asamupatse chilichonse cha m'chikwama, auze anamwino a mu wodi.