Ndigule khadi iti yokwezera makanema? Mutu waima

Wosowa Tulo: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimakonza makanema akale a anthu kuti azioneka bwino, ndipo ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yokweza zithunzi ya Real-ESRGAN pa khadi ya zithunzi ya GTX 1650 ya 4 GB. Ndikangoyambitsa imalemba CUDA out of memory n'kusiya. Kasitomala akuimba m'mawa ndi madzulo, amene anandimangira kompyutayi sayankhanso foni, ndipo mlamu wanga amasewerapo magemu usiku mpaka fani kulira ngati chigayo. Ndalama zanga zikukwana RTX 4060 ya 8 GB yatsopano kapena RTX 3060 ya 12 GB yogwirapo kale. Ndikakongola pang'ono ndingapeze RTX 3090 yogwiranso kale. Nditenge iti?

Chiphaliwali: 3090, nkhani yatha. Memole 24 GB, ndipo imayendetsa 936 GB pa sekondi pomwe 4060 imayendetsa 272 yokha. Khadi ya 8 GB ndi yoseweretsa ana. Kongolani.

Mayi Mawaya: Achimwene, za mlamu tamva, koma chofunika simunanene. Makanema anu ndi aakulu bwanji akamalowa, ndipo modelo ndi iti? Lembani izi mutiuze zotuluka:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -show_entries stream=width,height,r_frame_rate,field_order kanema.mp4
```

Ndikufunsa chifukwa modelo payokha ndi kanthu kochepa. Fayilo ya RealESRGAN_x4plus sikwana ndi 70 MB yomwe. Chimadzaza khadi ndi fulemu ikamakulitsidwa mkati mwa modelo. Chakumapeto, pikiseli iliyonse ya chithunzi chokulacho imasungidwa ndi manambala 64, nambala iliyonse mabaiti awiri. Fulemu ya 720x576 ikakula kanayi imakhala 2880x2304, ndipo gawo limodzi lotere limadya pafupifupi 850 MB. Ya 1920x1080 ili ndi mapikiseli ochuluka kasanu, ndiye gawo lomwelo limaposa 4 GB. Tsono khadi imagwira awiri nthawi imodzi, lolowa ndi lotuluka. Apo 8 GB yatha kale. Koma ngati zanu ndi za 720x576, 4060 ikwanira bwino lomwe.

Chiphaliwali: Mwaona? Mayiwa angotsimikiza zanga. 8 GB YATHA KALE.

Mayi Mawaya: Werengani mpaka pansi, bambo.

Gologolo: Vuto ndi mlamu. Ikani pasiwedi, mudzandithokoza.

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndimayesa memole amangoonjezera? Gulani timitengo tiwiri ta 16 GB mubaye pa bolodi, n'zotchipa kuposa khadi.

Kadzidzi: Aphunzitsi, imeneyo ndi memole ya kompyuta. Ya khadi inawotcheredwa pa khadipo, siionjezereka. Zoona pang'ono zilipo: kuyambira 2023 madalaivala a NVIDIA pa Windows amatha kutayira zosefukira mu memole ya kompyuta m'malo moimitsa ntchito. Koma njira yake ndi yopapatiza, liwiro limagweratu. Mukaona mu Task Manager mzere wa Shared GPU memory ukukwera pomwe mafulemu akukwawa, dziwani kuti zasefukira.

Wofunsa, musanagule kanthu yesani matailosi. Pulogalamu imadula fulemu m'tizidutswa, n'kukweza kamodzikamodzi, kenako n'kulumikiza:

```
python inference_realesrgan_video.py -i kanema.mp4 -n RealESRGAN_x2plus -s 2 --tile 256
```

Ngakhale 4 GB yanuyo idutsa. Mtengo wake ndi nthawi, chifukwa m'mphepete mwa tailosi iliyonse mumawerengedwa kawiri, ndipo nthawi zina timizere ta molumikizira timaoneka pa thambo kapena pa khoma losalala. Zikatero kwezani `--tile_pad` kuchoka pa 10 kufika pa 32. China chimene chimapusitsa ambiri: kulemba `-s 2` pa modelo ya x4 sikuchepetsa memole. Imakulitsabe kanayi, kenako n'kuchepetsa chithunzi pomaliza. Ya x2plus pa 1080p gawo lija limangodya 1 GB ndi pang'ono.

Chiphaliwali: Matailosi ndi umphawi. Munthu ali ndi kasitomala, inu mukumuuza azisoka zigamba.

Nyerere: Bwanji nonse mukungotchula NVIDIA? realesrgan-ncnn-vulkan imayenda pa AMD ndi Intel popanda CUDA, ndipo makhadi awo a 16 GB sadula ngati enawa. Yanga yatha zaka ziwiri osadandaula.

Kadzidzi: Imayendadi. Koma tsiku limene adzafune TensorRT, chida cha NVIDIA chothamangitsira mamodelo, kapena modelo yatsopano yolembedwera CUDA yokha, mudzamuthandiza ndinu.

Nyerere: Adzafuna liti? Panopa akulephera ndi kuyambitsa komwe.

Mayi Mawaya: Tibwerere pa liwiro, chifukwa memole ikangokwana, yotsalayo imangokhala. Sithamangitsa kanthu. Kanema wa maola awiri pa mafulemu 25 pa sekondi ali ndi mafulemu 180,000. Khadi ikamakweza awiri pa sekondi, ndi maola 25. Ikamakweza khumi, maola asanu. Kusiyana kotere nthawi zambiri kumabwera ndi modelo, osati khadi: realesr-general-x4v3 ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi x4plus, ndipo kusintha modelo sikulira ndalama. Dulani masekondi 20, ndiwo mafulemu 500, muyese zonse ziwiri muwerengere nokha.

Ndipo ngati ffprobe yalemba `field_order=tt` kapena `bb`, kanemayo ndi wa mizere yolukana ya pa TV zakale. Muyambe mwamupesa ndi `bwdif` ya ffmpeg, apo ayi modelo imanola timano ta chipeso tija ngati kuti ndi mbali ya chithunzi. Chenjerani kuti `bwdif` mukaisiya momwe ilili imatulutsa mafulemu 50 pa sekondi, ndiye 180,000 aja asanduka 360,000.

Chiphaliwali: Ndiye chifukwa chake 3090. Ili ndi makoo 10,496, 3060 ili ndi 3,584. Masamu anu omwewo akundivomera.

Kadzidzi: Pa liwiro mukunena zoona, palibe akukana. Koma 3090 imakoka mawati 350, ndipo NVIDIA imati pawa sapulayi ikhale ya 750. Kompyuta yobwera ndi GTX 1650 kawirikawiri sapulayi yake ndi yaing'ono, ina ilibe ndi waya womwe wa mapini 8. Ngongoleyo iphatikizepo sapulayi, mwinanso bokosi, popeza khadiyo ndi yaitali. Komanso ndi ya 2020, ndipo theka la memole yake lili kumsana kwa bolodi komwe kumatentha kwambiri. Musanalipire iyendetseni theka la ola, muone Memory Temperature mu GPU-Z. Ikamadutsa madigiri 100, timapadi toziziritsa tatopa. 4060 imakoka 115, 3060 imakoka 170. Pa 3060 yang'anitsitsaninso, ilipo ina ya 8 GB ya dzina lomwelo, ndipo ya mu laputopu ndi 6 GB.

Gologolo: Ubwino wa 3090, chipinda chizitentha, mlamu athawa yekha.

Mphunzitsi Wopuma: Nanga pulosesa ilibe ntchito?

Mayi Mawaya: Ili nayo. Ndi imene imamasula mafulemu ndi kuwamanganso. Ntchito ili mkati yang'anani `nvidia-smi -l 1`. GPU-Util ikamangovina pakati pa 40 ndi 60, khadi ikudikira pulosesa kapena disiki, ndipo yodula idzangodikira nthawi yaitali. Zimachitika kwambiri kwa amene amasunga fulemu iliyonse ngati PNG. Iliyonse ikakhala 10 MB, kanema uja ndi 1.8 TB.

Wosowa Tulo: Zikomo nonse. Matailosi agwira, yayamba kuyenda koma mwaulesi. Makanemawo ndi osakaniza, ena a pa makaseti, ena a pa foni. ffprobe sindinaipeze. Mlamu akuti 4060 ndi yabwino pa magemu.

Mayi Mawaya: A pa foniwo ndi 720 kapena 1080? Ndipo mukufuna atuluke aakulu bwanji? Akakhala 1080 ambiri, ine ndingatenge 12 GB. Akachuluka a makaseti, 4060.

Kadzidzi: Tsegulaninso bokosi muwerenge mawati olembedwa pa sapulayi.

Chiphaliwali: Mudzabweranso pano chaka chamawa kudzafunsa za 24 GB. Ndasunga uthengawu.