Maswabu a m'mphuno za ana: 16S kapena shotigani? Maridi anga 97 peresenti ndi a munthu

Wamaswabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi maswabu 120 otengedwa kuseri kwa mphuno za ana 60, mwana aliyense awiri: imodzi asanayambe kumwa azitromayisini, ina patatha milungu iwiri. Tikufuna kudziwa momwe mabakiteriya a m'mphunomo asinthira, komanso ngati majini opangitsa kuti mankhwalawa asagwire ntchito achuluka. Abwana anga akuti tichite shotigani, njira yowerenga DNA yonse imene ili mu sampulo, pa onse chifukwa imaonetsa chilichonse nthawi imodzi. Ndinayamba ndi masampulo 8 kuti ndione kaye, iliyonse makina anawerenga tizidutswa ta DNA, kapena kuti maridi, apawiri 10 miliyoni, otalika mabesi 150 mbali iliyonse. Nditachotsa za munthu motere:

```
bowtie2 -x GRCh38 -1 R1.fq.gz -2 R2.fq.gz \
  --un-conc-gz otsala_%.fq.gz -S /dev/null
```

ndinatsala ndi 3 peresenti yokha, pena kuchepera pamenepo. Ndapita kukatunga madzi ndi dengu kodi? Ndipitirize shotigani mozamitsa, kapena ndibwerere ku 16S, njira yowerenga jini imodzi yokha yozindikiritsa mabakiteriya?

Wachimbudzi:
Achemwali, ine ndimagwira masampulo a chimbudzi cha anthu ndipo shotigani sinandikhumudwitsepo. Maridi 10 miliyoni amandikwanira, MetaPhlAn imandipatsa mayina mpaka pa sipishizi, HUMAnN n'kundiuza zomwe mabakiteriyawo angathe kuchita. Ndikuganiza kuti DNA yanu munaichotsa molakwika. Yesani kiti ina ndipo mupere maselo ndi timikanda.

Mayi wa labu:
Achimwene a chimbudzi, kuperako ndi uphungu wabwino chifukwa Staphylococcus ndi Corynebacterium ali ndi khungu lolimba, koma si pamene pagona vuto la mnzathuyu. Chimbudzi cha munthu wathanzi n'chodzaza mabakiteriya, maselo a mwiniwake ndi ochepa. M'mphuno ndi mosiyana. Selo limodzi la munthu lili ndi DNA yopitirira mabesi 6 biliyoni, pomwe Streptococcus pneumoniae ali ndi cha m'ma 2 miliyoni. Selo limodzi lokha limene thonje lakokolola likulingana ndi mabakiteriya ngati 3,000 amtunduwu. Makina sasankha, amawerenga zimene zachuluka. Choncho 97 peresentiyo si chizindikiro choti mwalakwitsa, mwanawe. Ndi mmene sampulo yotereyi imakhalira.

Tiyeni tiwerengere limodzi zimene zatsalazo. Pa maridi apawiri 10 miliyoni mwatsala ndi 300,000, ndipo awiri alionse akupatsani mabesi 300, ndiye onse pamodzi ndi mabesi 90 miliyoni. Tinene kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a DNA imeneyo ndi la pneumoniae. Ameneyo wapeza mabesi 9 miliyoni, kutanthauza kuti jinomu yake mwaiwerenga kanayi. Pamenepo mumuona bwinobwino, ndipo ngati ali ndi jini yokana mankhwalawa ya ermB muipeza, ngakhale kulumikiza jinomu yonse kungakuvuteni. Koma mwana akamwa mankhwala, pneumoniae uja n'kutsika kufika pa 1 peresenti, ndiye kuti simunawerenge ngakhale theka la jinomu yake. Jini ya ermB ndi yaifupi, mabesi 740 chabe kapena kuchepera pang'ono. Muyembekezere ridi yapawiri imodzi yokha kugwera pamenepo, ndipo nthawi zina siigwerapo n'komwe. Mukapeza ziro, simungadziwe ngati jiniyo kulibe kapena simunangoipeza. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ziro zimenezi zidzachuluka m'masampulo a pambuyo pa mankhwala, inu n'kulemba kuti majiniwo achepa, pomwe mwina achuluka.

Wakompyuta:
Ndiye nkhani yatha. Chitani 16S pa onse 120, mapulayima a V4, 515F ndi 806R. PCR imangokulitsa jini ya mabakiteriya, za munthu imazidumpha. Onsewo alowa mu MiSeq kamodzi, aliyense apeza maridi masauzande makumi angapo, ndipo m'mphuno mwa mwana mitundu yolamulira ndi yochepa: Moraxella, Haemophilus, Streptococcus, Corynebacterium, Dolosigranulum. DADA2, SILVA, mwamaliza. Za majini okana mankhwalazo ponyani mu PICRUSt2, ikuuzani.

Mayi wa labu:
Theka loyambalo ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse. Lachiwirilo ayi, chonde musachite zimenezo. PICRUSt2 siona jini iliyonse. Imatenga 16S yanu, kufunafuna abale ake amene jinomu zawo zinawerengedwa kale, n'kuganizira kuti wanuyonso ali ndi zofanana nawo. Pa majini amene banja lonse limakhala nawo, kuganizako kumayandikira choonadi. Koma majini okana mankhwala a ermB ndi mefA amayenda pa tizidutswa ta DNA todumpha kuchoka pa bakiteriya wina kupita pa wina. Ma pneumoniae awiri akhoza kukhala ndi 16S yofanana chilembo ndi chilembo, wina n'kufa ndi azitromayisini, wina osamva n'komwe. Funso la mwanayu lagona pa kusiyana kumeneko, ndipo 16S siingakuone.

Komanso V4 ndi kachidutswa ka mabesi ngati 250 pa jini ya mabesi pafupifupi 1,500. Mukatulutsa tebulo lanu mudzaona Streptococcus, koma kunena kuti ndi pneumoniae osati mitis kapena pseudopneumoniae simungathe. Pulogalamu ikakupatsani dzina la sipishizi pamenepo, musalikhulupirire.

Wakompyuta:
Za PICRUSt2 ndavomera, ndinathamanga. Koma za sipishizi, bwanji osawerenga 16S yonse pa Nanopore kapena PacBio? Zigawo zonse zisanu ndi zinayi zili m'manja.

Mayi wa labu:
Pa mabanja ambiri zimathandizadi. Pa banja la mitis ayi kwenikweni, chifukwa ngakhale jini yonseyo imafanana kupitirira 99 peresenti. N'chifukwa chake amene amafufuza pneumoniae m'mphuno amadalira qPCR ya jini ya lytA.

Wamaswabu:
Amayi, ndamva. Ndiye mukuti mafunso anga ndi awiri ndipo palibe chida chimodzi chowayankha onse? Abwana anga sakondwa nazo izi. Nanga njira zochotseratu DNA ya munthu tisanasikwense? Ndamva za saponini.

Mayi wa labu:
Ndisanayankhe, maswabuwo munawasunga m'chiyani?

Wamaswabu:
A ana 42 oyamba ali mu STGG, madzi osungira mabakiteriya amoyo, pa madigiri -80. A ana 18 omaliza STGG inatithera, tinaika mu bafa yosungira DNA, yomwe imaphwanya maselo.

Mayi wa labu:
Apa ndiye pali nkhani. Saponini imaboola maselo a munthu chifukwa khungu lawo n'lofewa, mabakiteriya n'kutsala amphumphu, kenako mumathira enzayimu yodya DNA yonse imene yatayikira panja. Njirayi imafuna kuti mabakiteriya akhale osaphwanyika. A mu STGG ali ndi mwayi chifukwa giliserolo amawateteza pozizira. A mu bafa aja zonse zinasakanikirana kale, mukathira enzayimu idya za munthu ndi za mabakiteriya zomwe. Ilipo kiti yokoka DNA ya munthu pogwira timagulu ta methilo, imagwira pa DNA yochotsedwa kale, koma imafuna tizidutswa titalititali, ndipo ine m'manja mwanga sinachotse zokwanira kusintha masamu aja.

Ngakhale pa 42 aja ndili ndi mantha. Pneumoniae amadziphwanya yekha msanga, lytA yomweyo ndi imene imapanga enzayimu yochita zimenezo. Amene waphwanyika, DNA yake idyedwa limodzi ndi ya munthu. Mukhoza kutaya bakiteriya weniweni amene mukumufunayo.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita 16S ya V4 pa onse 120, n'kuwonjeza qPCR pa DNA yomweyo: ya lytA, ya ermB, ya mefA, ndi ya 16S yoyeza kuchuluka kwa mabakiteriya onse. Majini amene mukuwafuna mukuwadziwa kale mayina, ndiye palibe chifukwa chowerengera jinomu ya munthu kambirimbiri kuti muwapeze. Shotigani mphamvu yake imaoneka pamene simukudziwa chimene mukufuna, kapena mukufuna mavairasi a DNA ndi mafangayi amene alibe 16S.

Wanthaka:
Pepani kulowerera, ine ndi wa za nthaka ndi mizu ya zomera, za m'mphuno sindizidziwa. Koma 16S isaoneke ngati ilibe minga. Ine inandipweteka. Ndinali ndi masampulo a mkati mwa mizu, mabakiteriya ochepa kwambiri. Mapulayima anakulitsa za makuloropulasiti ndi mamitokondiriya a chomeracho, ndipo pa zotsalazo ndinapeza Ralstonia ndi Bradyrhizobium paliponse. Ndinasangalala, poti awa amapezekadi m'nthaka ndi m'mizu. Nditasikwensa chubu chopanda sampulo chimene chinadutsa mu kiti yomweyo, ndinawapezanso momwemo. Miyezi itatu inapita pachabe.

Mayi wa labu:
Mwachita bwino kulowerera, achimwene, chifukwa msampha umenewu ukumudikira mwanayu pamalo oipitsitsa. Mankhwala a m'makiti ali ndi DNA ya mabakiteriya pang'ono, yofanana kuchuluka m'chubu chilichonse. Sampulo ikakhala yodzaza, DNA imeneyo imamira. Mwana akamwa azitromayisini mabakiteriya ake n'kuchepa, za mu kiti zimayandama, tebulo n'kuonetsa ngati mitundu yachilendo yalowa m'mphuno. Ndiye chifukwa chake ndatchula qPCR ya 16S yoyeza mabakiteriya onse. Mtundu umene peresenti yake ikukwera pamene DNA yonse ikutsika, n'kupezekanso m'chubu chopanda kanthu, ndi wa mu kiti. Phukusi la decontam mu R limafufuza zimenezi. Ikani machubu opanda kanthu paulendo uliwonse wochotsa DNA, a STGG yokha ndi a bafa yokha, chifukwa STGG ili ndi mkaka ndipo ikhoza kubwera ndi zakezake. Ndipo maswabu awiri a mwana mmodzi achotsedwe tsiku limodzi ndi kiti imodzi. Mukachotsa onse a asanamwe sabata ino, onse a atamwa sabata yamawa, simudzasiyanitsa za mankhwala ndi za kiti.

qPCR yomweyo ikutetezaninso ku chinyengo cha maperesenti. Corynebacterium akakwera kuchoka pa 10 kufika pa 40 peresenti, mwina sanachuluke n'komwe, anzake ndi amene afa.

Wakompyuta:
Nanga kusiyana kwa makope? Haemophilus influenzae ali ndi makope 6 a 16S, pneumoniae ali ndi 4. Sitiyenera kugawa kuti tikonze?

Mayi wa labu:
Poyerekeza mwana yemweyo asanamwe ndi atamwa, kukondera kumeneko kuli mbali zonse ziwiri, ndiye ine ndimakusiya. Bola musalembe kuti maperesentiwo ndi chiwerengero cha maselo.

Wamaswabu:
Zikomo nonse. Chatsala chimodzi. qPCR ikandiuza kuti ermB yachuluka, ndidziwa bwanji kuti ili mwa pneumoniae osati mwa Streptococcus wina wosadwalitsa?

Mayi wa labu:
Simudziwa. Ndipo shotigani ya maridi afupiafupi kawirikawiri siidzakuuzaninso, chifukwa kachidutswa kodumphako kakakhala mwa mabakiteriya angapo, kulumikiza kumadukira m'mphepete mwake. Koma a mu STGG aja ali moyo. Afeseni pa mbale ya magazi yokhala ndi jentamayisini, muyese ndi oputokini kuti muzindikire pneumoniae, muone ngati akumva eritiromayisini amene ndi wa gulu limodzi ndi azitromayisini, kenako musikwense jinomu za amene mwasankha. Kwa ana 18 aja njira imeneyi palibe.

Wakompyuta:
Ine ndikanayesabe saponini pa masampulo 10 a STGG, kugawa iliyonse pawiri, theka ndi saponini theka ayi, n'kuyeza lytA mbali zonse. Ngati pneumoniae sakutayika kwambiri, abwana apeza shotigani yawo pa 42 aja.

Mayi wa labu:
Kuyesa si kulakwa, koma kusungunula kulikonse kumapha ena, ndipo chubu ndi chimodzi. Mwanawe, mwatsala ndi mamayikulolita angati m'chubu chilichonse?

Wamaswabu:
Tinaika mililita imodzi, ndipo pa 8 aja ndinatengapo 200. Enawo sanasungunulidwepo. Mawa ndiwerengera zofunika pa DNA, pofesa ndi pa saponini, ndione ngati zingatuluke pa kusungunula kumodzi.