Kalata ya kuchipatala ija: mmene zinathera

Ndinafunsa kuti: "Mayi agonekedwa kuchipatala ku Mulanje, ine ndimagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Kalata ya dokotala ndingoiika mu envulopu, kapena ndiitchulenso m'kalata yopempha tchuthi?"

Zatheka, anzanga, tchuthi andipatsa. Anandiunikira ndi akalaliki ena achikulire a pa ofesi pathu. Anati pepala longoponyedwa mu envulopu limasowa mosavuta, chifukwa kalata imadutsa m'manja ambiri, kwa akapitawo, kwa akalaliki, kenako kwa abwana. Likasowa, palibe chosonyeza kuti linalipo.

Choncho nditatchula masiku amene ndikupempha, ndinalemba kuti: "Pamodzi ndi kalata ino ndaphatikiza fotokope ya kalata ya kuchipatala ya pa 4 Juni, yosainidwa ndi dokotala, yotsimikiza kuti mayi anga agonekedwa ndipo akufunika wowadikirira." Pansi pa siginecha ndinaonjezera mzere umodzi: "Chophatikizidwa: kalata ya kuchipatala, tsamba limodzi." Za matenda enieniwo sindinalembemo. Ndi chinsinsi cha mayi chimenecho.

Pamene akalaliki anakakamira ndi pa masiku. Kalata ya dokotala ikayambira pa 4 koma inu n'kupempha kuyambira pa 2, funso likhalapo basi, ndiye masiku awiriwo muwafotokozeretu. Anayang'anitsitsanso chidindo, poti pa fotokope yoyamba chinatuluka chofufutika, tsiku losawerengeka, moti ndinakajambulitsa ina. Tinamangirira ndi sitepula, kalata yanga pamwamba. Yeniyeni ija ndinangowaonetsa n'kubwerera nayo kunyumba, chifukwa kuchipatala sangakulembereni kawiri mosavuta.