Kamtanda kolozera mfuti sikakuoneka pa tivi, thandizeni

Wa geimu pa Mpondasi: Akuluakulu amashopu a geimu moni. Ndili ndi makompyuta olumikiza ku tivi za mainchesi 32, anyamata amasewera Counter-Strike 2 koma akudandaula kuti kamtanda kolozera mfuti kaja kakumasowa makamaka pa Dust II masana dzuwa likalowa pakhomo, nambala ya zipolopolo pakona ikungooneka theka lokha, ndiye ena ayamba kukana kulipira ati tivi yanga ndi yakutha. Nditani?

Wa ku Namwera: Kwezani kuwala kwa tivi mpaka 100 amwene basi nkhani yatha

Mkulu wa pa msika: Ayi kuwala kokha sikuthandiza, mukakweza kwambiri makoma amchenga a Dust II aja amayereratu mbee ndiye kamtanda kobiriwira kowonda kamamira momwemo. Chofunika ndi mtundu umene mulibe m'mapu komanso kamzere kakuda kozungulira, chifukwa kakudako kamaoneka pakhoma lowala pamene mtunduwo umaoneka mumdima, ndiye kulikonse wina agwira ntchito. Yatsani konso pa Settings mbali ya Game, dinani ~ mulembe izi:

```
cl_crosshaircolor 5
cl_crosshaircolor_r 255
cl_crosshaircolor_g 0
cl_crosshaircolor_b 255
cl_crosshair_drawoutline 1
cl_crosshair_outlinethickness 1
cl_crosshairthickness 1.5
```

5 uyo ndi amene amalola kuti musakanize mtundu nokha, mukamusiya manambala atatu enawo sagwira. Katuluka kapinki kowala.

Wa ku Namwera: Pinki pa shopu ya anyamata akulu? Kwanga amakana, timaika 4 kabuluu kowala kaja ndipo palibe wadandaula

Mkulu wa pa msika: 4 ndi wabwino ndithu sindikukana, koma akaloza m'mwamba kuponya bomba la utsi kabuluu kamafanana ndi thambo. Aliyense ndi maso ake.

Wa geimu pa Mpondasi: Ndaika, kakuoneka koma ngati kopakapaka m'mbali. Nambala ya zipolopolo ikadali yodulidwa, ndakweza HUD Scale ndiye yangothawira kunja zenizeni

Mkulu wa pa msika: Limenelo si vuto la geimu achimwene, ndi tivi. Tivi zambiri zimakulitsa chithunzi pang'ono n'kudula m'mphepete monse. Tengani rimoti mupite pa kukula kwa chithunzi, pa LG sankhani Just Scan, pa Samsung yakale ndi Screen Fit. Mudziwa kuti zatheka mukaona kuti kamzere ka pansi ka Windows kakuoneka konse ndi wotchi yake yomwe. Mukatero ndiye mukweze `hud_scaling 1.1`, pamenepo ndiye pothera sikupitirira, ndiye musayembekezere kuti zilembo zikula ngati za pachikwangwani.

Za kupakapakazo onani kumbuyo kwa tivi kapena pabokosi, za mainchesi 32 zambiri ndi 1366x768 ngakhale zimalandira 1920x1080. Mukaipatsa 1080 imafinya chithunzi kuti chikwane, kamzere kowonda kaja kamagwera pakati pa timadontho n'kubalalika. Ikani Windows ndi geimu pa 1366x768 kapena 1360x768 imene yapezeka, ndipo tsitsani Sharpness pa tivi chifukwa imawonjezera kamzere koyera m'mbali mwa kamtanda. Geimu ipepukanso.

Mayi wa ku Makawa: Pepani ndilowerere, ine ndi PS4 mapu aang'ono pakona akudulidwanso, makodi amenewo ndilemba pati?

Wa ku Namwera: Pa PS4 palibe polemba makodi mayi. Settings, Sound and Screen, Display Area Settings, muchepetse mpaka ngodya zonse zinayi zioneke. Koma si geimu iliyonse imene imamvera, zina zili ndi zake mkati

Wa geimu pa Mpondasi: Eya manambala abwerera onse! Lina ndi ili, magetsi akathima timayatsa jenereta ndiye phokoso lake plus nyimbo za pabala pafupi, a Left 4 Dead 2 samva kanthu. Mawu olembedwa pansi ndinayatsa koma amangolemba zolankhula anthu

Mkulu wa pa msika: Mwayatsa theka. Lembani

```
closecaption 1
cc_subtitles 0
```

cc_subtitles ikakhala 1 imalemba zolankhula zokha, pa 0 imalembanso phokoso la zilombo, Hunter akamalira pafupi kapena Tank ikamabwera, ndiye mwana amadziwa ngakhale jenereta ikubangula. Kuipa kwake mawu amachuluka pansi pa sikirini nkhondo ikakula, ndipo ndi Chingerezi, osawerenga msanga zingomutchinga. Ine ndimafunsa kaye osewerawo.

Wa ku Namwera: Koma zonsezi mawa mupeza mwana wasintha, ena amaika kadontho kokha ati ndi mmene amachitira akatswiri

Mkulu wa pa msika: Za Counter-Strike zija zisungeni mufayilo, muitche shopu.cfg muiike mu `game\csgo\cfg`, onetsetsani kuti Notepad sinawonjezere .txt kumapeto apo ayi siiwerengeka. Kenako pa konso `bind F8 "exec shopu"`, kasitomala akachoka mungodina F8 zonse zabwerera.

Wa geimu pa Mpondasi: F8 yagwira. Tivi imodzi yokha yopanda dzina ija ilibe Just Scan kapena Screen Fit, ingoti 16:9, 4:3 ndi Zoom basi, ikudulabe. Alipo ali nayo yotere?

Mayi wa ku Makawa: Yanga ndi yomweyo, tumizani chithunzi cha rimoti tifananize