Ndisankhe soli ya labala kapena yachikopa?

Moni nonse. Ndimayenda wapansi mtunda wautali mumsewu wamiyala, ndipo soli za nsapato zanga sizikhalitsa.

Ndinayesa za PVC chifukwa chotchipa, koma kukazizira zimauma, kenako zimang'aluka pamene phazi limapindikira, pansi pa zala, madzi n'kumalowa. Zachikopa zinkandikomera, koma zitanyowa zinafewa n'kumaterera, miyala n'kuzidya msanga. Wosoka nsapato anamatapo labala wopyapyala ndi guluu, koma wayamba kale kumatuka kutsogolo.

Tsopano ndikuganiza za labala wokhuthala, ngakhale kulemera kwake kukundidetsa nkhawa. Amene mumadziwa, kodi labala wa tayala amaposa wogula kale? Nanga pamiyala chimalimba n'chiti, kusoka kapena kumata? Chonde ndithandizeni.