Mnzathu akusiya ntchito, nambala zolowera mu akaunti zikupita ku foni yake

Abale, ndithandizeni. Mayi amene amayendetsa akaunti zathu za ofesi akusiya ntchito kumapeto kwa mwezi uno. Imelo yawo ya Google Workspace ndikudziwa pochita: ndisamutsa kaye mafayilo a mu Drive kupita kwa abwana, kenako ndiimitse akauntiyo osaifufuta msanga.

Chimene chandisowetsa tulo ndi tsamba lathu la Facebook. Iwo okha ndiwo ali ndi ulamuliro wonse, ndipo nambala yotsimikizira polowa imapita ku foni yawoyawo. Mawu achinsinsi tikhoza kusintha, koma foniyo apita nayo.

Kodi ndiyambe kuwonjezera munthu wina wa ulamuliro wonse, alowe tione kuti zatheka, kenako tiwachotse mayiwo? Amene munachitapo, munatsata ndondomeko yanji kuti musadzitsekere kunja?